Chidziwitso kwa Ogwira Ntchito Onse: Kutsekedwa kwa Detabesi Loweruka pa 14 Malichi 2026

Kwa: Ogwira ntchito onse a ku likulu ku Lilongwe ndi a m'maofesi a ku Blantyre, Mzuzu ndi Kasungu
Kuchokera kwa: Mkulu wa Nthambi ya Makompyuta
Tsiku: Lolemba, 9 Malichi 2026

Tikudziwitsa ogwira ntchito nonse kuti detabesi ya bungwe lathu, yomwe ndiyo nkhokwe yosungiramo maakaunti a mamembala, ndalama zimene amasunga, ngongole zawo ndi malisiti onse, idzatsekedwa kuyambira 2 koloko masana Loweruka pa 14 Malichi kufikira 6 koloko m'mawa Lamulungu pa 15 Malichi. Pa maola 16 amenewa palibe amene adzathe kulowa mu pulogalamu ya maakaunti, kaya ali mu ofesi kaya akugwirira ntchito kunyumba. Imelo, mafoni a mu ofesi ndi intaneti zidzagwira ntchito monga mwa masiku onse chifukwa sizidalira seva imeneyi.

Detabesi yathu imayendera pulogalamu ya PostgreSQL 13, yomwe inatuluka mu 2020. Eni ake amasamalira mtundu uliwonse wa pulogalamuyi kwa zaka zisanu, ndipo mtundu wa 13 anasiya kuusamalira mu Novembala 2025, kutanthauza kuti pakapezeka mpata umene akuba a pa intaneti angalowerepo, palibenso amene adzautseke. Bungwe losunga ndalama za anthu silingapitirize kudalira chitseko chimene wochikonza anachisiya, choncho tikusamukira ku PostgreSQL 17. Tasankha pakati pa mwezi pofuna kupewa piringupiringu wa masiku a malipiro, komanso tikufuna kuti ntchitoyi ithe misika ya fodya isanatsegulidwe, popeza ikatsegulidwa ofesi ya ku Kasungu sipuma.

Chachikulu chimene tikupempha kwa aliyense ndi ichi: pofika 1:30 masana Lowerukalo mukhale mutamaliza kulowetsa zonse za tsikulo, mwadina `Save`, ndipo mwatuluka mu pulogalamu podina `Log out`. Kutseka chivindikiro cha laputopu kapena kuzimitsa sikirini sikutuluka ayi, chifukwa seva imakuonanibe ngati muli mkati. Ikadzakwana 2 koloko tidzadula onse amene adzakhale akadali olumikizidwa, kenaka tidzajambula kope lathunthu la detabesi monga mmene idzakhalire pa mphindi imeneyo. Chilichonse chimene chidzakhale cholembedwa pa sikirini koma chosasungidwa sichidzalowa m'kopelo, ndipo nthambi yathu ilibe njira yochibwezera. Taganizirani membala amene wabweza K85,000 ya ngongole yake, walandira lisiti m'manja, koma wolandira ndalama anasiya fomu ili chitsegukire n'kupita kukadya: Lolemba kompyuta idzaonetsa kuti membalayo ali ndi ngongole yonse, ndipo amene adzayankhe mlanduwo pa kauntala ndi yemwe anasiya fomuyo. N'chifukwa chake tikupempha mamanejala a maofesi kuti adzayendere desiki iliyonse asanatseke zitseko, ndipo adzatiimbire pa nambala ya mkati ya 214 kutsimikiza kuti onse atuluka.

Amene adzachedwe kutuluka angathe kuona uthenga uwu pa sikirini:

```
FATAL: terminating connection due to administrator command
```

Uthengawu sukutanthauza kuti kompyuta yanu yawonongeka, ukungonena kuti ife takudulani dala. Musadzayeserenso kulowa mobwerezabwereza, ndipo musadzazule mawaya kapena kuzimitsa zipangizo za netiweki za mu ofesi yanu poganiza kuti vuto lili kumeneko.

Maofesi adzatsekedwa kwa mamembala 12 koloko masana monga mwa Loweruka lililonse, kotero mamembala ambiri sadzakhudzidwa. Komabe alangizi a ngongole amene adzakhale ali kumudzi ndi magulu masanawo adzalembe zonse m'mabuku a malisiti a pamanja, omwe akatenge kwa akauntanti wa ofesi yawo pofika Lachisanu ndi kuwasainira. Malisiti amenewa adzalowetsedwe mu kompyuta Lolemba isanakwane 10 koloko m'mawa, ndi deti la tsiku limene ndalamazo zinalandiridwa, kuti chiwongoladzanja cha membala chisawerengedwe molakwika. Ndalama zimene mamembala adzatumize kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba pa nthawi ya kutsekaku sizidzasowa, koma zidzayamba kuoneka m'maakaunti awo detabesi ikadzatsegulidwa, ndipo uthenga wathu wotsimikiza kuti talandira udzawapeza mochedwa. Membala akadzakuimbirani ali ndi nkhawa, mudzamuuze kuti asunge uthenga wa pa foni yake umene uli ndi nambala ya malipirowo, ndipo asatumizenso kachiwiri.

Anzathu a ku nthambi ya zachuma akumbukire kuti pa 14 ndi tsikunso lomaliza lopereka msonkho wa PAYE ku MRA. Malipoti onse amene mukufuna pa ntchito imeneyi muwatulutse pofika Lachisanu pa 13 Malichi, osadikira Loweruka m'mawa. Chimodzimodzinso amene akukonza mapepala a msonkhano wa komiti ya ngongole.

Kope la detabesi likadzajambulidwa, tidzayamba taliyesa pa seva ina kuti titsimikize kuti likutseguka bwino, ndipo tikadzakhutira m'pamene tidzasamutse zonse ndi chida cha `pg_upgrade`. Tinayeserera kale ntchito yonseyi kawiri mwezi watha, ndipo ulendo wachiwiri inatenga maola osakwana asanu ndi anayi. Maola otsalawo tawasiya dala kuti tifananitse ziwerengero: chiwerengero cha mamembala, ndalama zonse zosungidwa ndi ngongole zonse ziyenera kufanana ndi za Loweruka masana mpaka pa tambala. Ngati pofika 12 koloko usiku zinthu zidzakhale zisanalongosoke, tidzabwerera ku seva yakale ndi kope lija, ndipo tidzalengeza tsiku lina. Jenereta ya ku likulu idzakhala yodzaza mafuta kuti magetsi akadzazima ntchito isadukire pakati.

Lolemba pa 16 Malichi mudzalowa ndi dzina ndi pasiwedi zomwe mukugwiritsa ntchito panopa, ndipo maonekedwe a pulogalamu sadzasintha. Chimene mungaone ndi chakuti malipoti aakulu, monga a ngongole zochedwa kubwezedwa, angachedwe kutuluka m'maola oyamba, pomwe seva yatsopano idzakhale ikukokabe m'madisiki zinthu zimene zimafunidwa kawirikawiri. Lipoti likachedwa mudzalidikire, chifukwa kudina batani kasanu kumangoisenzetsa seva ntchito imodzimodziyo kasanu. Tikupemphanso wolandira ndalama aliyense kuti asanathandize membala woyamba adzatsegule maakaunti atatu kapena anayi amene anawagwira Loweruka, ndi kufananitsa zimene zili pa sikirini ndi buku lake la ndalama. Mukadzapeza kusiyana kulikonse musadzakonze nokha: mudzajambule sikiriniyo, mudzalembe nambala ya akaunti ndi nthawi, n'kutitumizira pa imelo ya nthambi yathu kapena kuimba pa 214.

Dziwaninso kuti palibe wa ku nthambi ya makompyuta amene adzakufunseni pasiwedi yanu, kaya pa foni, pa WhatsApp kapena pa imelo, ndipo sitidzatumiza linki yoti mudinepo kuti akaunti yanu itsegulidwenso. Anthu achinyengo amakonda kupezerapo mwayi pa nthawi ngati imeneyi, choncho uthenga wotere ukakupezani musauyankhe, koma mutidziwitse msanga.

Amene ali ndi ntchito yoti singadikire pa maola atchulidwawa aonane ndi manejala wake, yemwe atidziwitse pofika Lachitatu pa 11 Malichi, 4 koloko madzulo. Detabesi ikadzatsegulidwa tidzatumiza imelo kwa nonse Lamulungu m'mawa, ndipo pasadzakhale wolowa asanalandire uthenga umenewo.

Mkulu wa Nthambi ya Makompyuta