Za biti ya sansi ija, werengani musanatsegule kompyuta

Achimwene a Yamikani, fulashi ndasiya kwa mlongo wanu ku Matawale, muli foda yolembedwa SANSI_MALUME, mafayilo atatu onse WAV 24-bit 48 kHz. Chomwe ndikufuna ndi nyimbo imodzi ya mphindi zitatu ndi theka, sansi ya amalume pamwamba, pansi biti yamakono yoti ikalira mu shabini ku Chinamwali anthu adzuke pampando. Koma mumvetse pano poyamba: biti ndi imene izitsatira sansi. Kudina kwa sansi kusakokedwe kumodzikumodzi kuti kukwanire mu biti.

Fayilo yoyamba ndi kaimbidwe koyambirira, ka m'munsi, komwe amalume amayamba nako nthawi zonse akangokhala pakhonde. Yachiwiri ndi komwe amaimba moyankha, amalowa mochedwa ndi kudina kumodzi basi, ndiye mukaziika pamodzi zimalukana mpaka mumamva kanyimbo kachitatu komwe palibe amene akukaimba. Anzathu a Chishona ku Zimbabwe pa mbira yawo amati kushaura ndi kutsinhira, amakhala anthu awiri, ife tilibe wachiwiri ndiye amalume anaimba kawiri atavala mahedifoni (anadandaula kuti akuwotcha makutu koma anapirira). Yoyamba muiike kumanzere pang'ono, yachiwiri kumanja pang'ono, osati kumapeto kwenikweni ayi chifukwa anthu ambiri adzamvera pa kasipika kamodzi ka foni ndipo kulukana kuja kuyenera kumveka ngakhale pamenepo. Fayilo yachitatu ndi maseche okha.

Tsopano nkhani ya kawerengedwe, apa ndi pomwe mapulojusa ambiri amaphera chinthuchi. Sansi imayenda patatupatatu. Pa kugunda kumodzi kwa kiki pamalowa kudina kutatu, bala imodzi kudina 12, ndipo mzere wonse wa amalume umazungulira pa mabala anayi, kudina 48, kenako wayambiranso. Amapiano mwazolowera inu aja amadula kugunda kumodzi panayi. Mukangotenga logi dramu yanu ya masiku onse n'kuiponya pamenepa zizimenyana, womvera sadziwa kuti mwendo aponde pati. Ndiye mu FL Studio, pa Piano roll, snap muiike pa 1/3 beat ndipo chilichonse chogunda, kiki, hayihati, logi dramu, chilembedwe pamenepo. Liwiro yambani ndi 112 BPM, pa liwiro limenelo mzere wa mabala anayi umatenga masekondi opitirira 8 pang'ono. Mukasokonezeka ganizani za manganje mmene amakokera m'chiuno, mapindidwe ake ndi omwewo ndikufuna.

Amalume sanaimbe ndi kiliki, anakana, akuti kakuwasokoneza. Ndiye pena akuthamanga pena akubwerera. Chonde musadule kudina kumodzikumodzi n'kumakukankhira pa mzere wa giridi. Dulani mzere wathunthu wa mabala anayi, muutambasule kapena kuufinya wonse pamodzi kuti ukwane, zam'kati zisiyeni momwe zilili. Pali malo ena chala chamanthu chakumanzere chimachedwa kachidutswa kakang'ono kwambiri kenako chakumanja n'kuchipeza, mukamvetsera pa sekondi 41 ya fayilo yoyamba mumva. Ameneyo ndiye mchere wake, musandichotsere.

Chimodzimodzi machunidwe. Tizitsulo take ndi masipoko a njinga osulidwa ndi hamala, amalume amachuna ndi khutu, kukankha kachitsulo kutsogolo kapena kukabweza mpaka mtima wawo wavomera. Kachitsulo kotsikitsitsa kali pafupi ndi F koma kotsikirako pang'ono, ndipo tina tiwiri tapakati sitigwera pa kiyi iliyonse ya kiyibodi. Osaikapo otochuni. Inuyo ndi amene mutsitse besi ndi masinthi anu kuti apeze sansi, ndipo makodi asachuluke, padi imodzi yofewa yogwira manoti awiri basi yakwana. Mukaika makodi odzaza aja a kutchalitchi ndi pomwe tizitsulo tiwiri tija tidzamveke ngati talakwa, chikhalirecho tili bwinobwino.

Phokoso la nje nje nje mukulimva kumbuyo kwa noti iliyonse si vuto la maikolofoni. Ndi zitsekerero za mabotolo zomwe anakhomera m'mphepete mwa chipanda, zimanjenjemera sansi ikalira. Ndikudziwa dzanja lanu likuyabwa kale kuti mutsegule Edison n'kuyeretsa, ayi ndithu. Ndipotu zikupulumutsani ntchito, chifukwa phokosolo likukhala m'mwamba momwe mukanadzaza ndi mahayihati ambirimbiri, ndiye hayihati ikhale yochepa, maseche ndi zitsekererozo zigwire ntchito. Chomwe mungadule ndi m'munsi mokha: pa Fruity Parametric EQ 2 chotsani za pansi pa 100 Hz pa sansi kuti kugunda kwa dzanja pa chipanda kusalimbane ndi kiki. Saidicheni ya kiki igwire besi ndi padi, sansi isamapumire m'mwamba ayi. Rivebu pang'ono, yaifupi, izimveka kuti munthu ali pakhonde pafupi nafe osati ali mu Great Hall yopanda anthu.

Kayalidwe kake ndikuganiza motere, ngakhale apa mukhoza kutsutsa. Mabala 8 oyamba sansi yokha, fayilo yoyamba, opanda kanthu kena kalikonse, anthu ayambe adabwa kaye kuti dijeyi waika chani. Kenako maseche ndi kiki yofewa mabala 16, apo ndidzalowa ine ndi vesi. Fayilo yachiwiri isalowe msanga, muisunge mpaka pa kolasi, ilowere limodzi ndi logi dramu kuti zonse zitseguke nthawi imodzi. Logi dramuyo isamayankhule ponseponse, iziyankha kumapeto kwa bala yachiwiri ndi yachinayi pomwe amalume amatsikira ku tizitsulo tam'munsi. Pakati penipeni ndikufuna mabala 8 oti kiki izime, mutenge manoti atatu kapena anayi a sansi muwatembenuze chambuyo, muwaike dileyi, sewerani nawo mmene mungafunire, pamenepo pokha ndakumasulani. Zonse zikhale mabala 96, pa 112 BPM zikukwana pafupifupi mphindi zitatu ndi masekondi 26. Kumapeto musachite zozimirira pang'onopang'ono zija, amalume ali ndi mathero awoawo kumapeto kwa fayilo yoyamba, amagunda tizitsulo tiwiri pamodzi n'kusiya, mutsekere pomwepo.

Zija za mapulagini a kalimba mumazikonda, ndikuziletsa pa nyimbo ino. Ambiri anatengera kalimba ya m'sitolo, ija Hugh Tracey anayamba kugulitsa ku South Africa m'zaka za m'ma 1950 atachuna kuti igwirizane ndi sikelo ya azungu, n'chifukwa chake imamveka yoyera mbee ngati kabelu ka pa foni. Siyoipa koma si iyi. Mu 2020 UNESCO inalemba luso lopanga ndi kuimba mbira ndi sansi la Malawi ndi Zimbabwe pa mndandanda wa chikhalidwe cha anthu a dziko lonse, koma pitani pa msika wa Zomba mufunse anyamata khumi kuti sansi imaoneka bwanji muone angati ayankhe. Ndiye akaimva koyamba aimve yeniyeniyo.

Mawu anga ndidzajambula biti ikatha, mundisiyire malo pakati, musadzaze. Munditumizire kaye ka MP3 kongomvera pofika Lachisanu, Loweruka ndikupita ku Jali ndikawamvetsere amalume pa sipika yanga yaing'ono, akakagwedeza mutu kuti sizawo tibwereranso. Pa kavala dzina lawo likhale patsogolo pa langa ndi lanu, ndipo za ndalama tigawana patatu monga tinakambirana. Muzisunga pulojekiti pafupipafupi ndi mmene magetsi akuvutiramu, komanso mafayilo a pa fulashi mukopere pawiri chifukwa kwanga kulibe ena.

Tadala