Chidule cha Zotsatira za Kuyeza Kagwiridwe Ntchito ka Ubongo

Kwa dokotala wa mitsempha ndi ubongo amene anatitumizira wodwalayu

Mbiri ya wodwala

Wodwalayu ndi bambo a zaka 41, mphunzitsi wa Sitandade 7, amene anagwa pa njinga yamoto ya kabaza miyezi isanu yapitayo asanavale chipewa chotetezera mutu. Anakomoka pafupifupi mphindi 40, ndipo chithunzi cha CT chinaonetsa kuti ubongo unasupuka chakutsogolo mbali yakumanja. Iwo akudandaula za kuiwala ndi kutopa msanga. Akazi awo, amene tinacheza nawo paokha, akuti bambowa ayamba kupsa mtima pa zinthu zazing'ono, ndipo kawiri konse anapita kumsika n'kubwerako chimanjamanja ngakhale ndalama zinali m'thumba. Sanadwalepo khunyu, ndipo mowa analeka chichitikire ngoziyo.

Zotsatira za mayeso

Mayeso anachitika m'Chichewa ndipo anaikirapo mtima mpaka kumapeto. Pa MoCA, mayeso achidule a kaganizidwe ndi kukumbukira, anapeza 21 mwa 30. Pobwereza manambala anafika pa asanu ndi limodzi, koma powatchula chobwerera m'mbuyo analekera pa atatu. Polumikiza manambala okha anatha masekondi 58, pamene posinthanitsa manambala ndi zilembo anasochera kanayi mpaka tinaimitsa pa mphindi zisanu. Anatchula mayina 11 a nyama pa mphindi imodzi. Mwa mawu asanu amene anaphunzitsidwa anakumbukira awiri okha, koma titawathandiza powauza kuti ena ndi chipatso, ena ndi chovala, onse anabwera. Kalankhulidwe, kuwerenga ndi kujambula zili bwino. Pa PHQ-9, mafunso oyezera kukhumudwa, anapeza 12.

Maganizo athu

Zotsatirazi zikugwirizana ndi kufooka pang'ono kwa kaganizidwe kobwera chifukwa cha kuvulala kwa ubongo wakutsogolo. Ubongo ukusunga ndithu zimene waphunzira, koma chikuvuta n'kuzitulutsa pa nthawi yake, kulinganiza zochita komanso kugwira zinthu ziwiri nthawi imodzi, zimene kalasi ya ana ambiri imafuna tsiku lililonse. Matenda a maganizo okhumudwa, amene ali pa mlingo wapakatikati, akuwonjezera vutoli koma sangafotokoze zonse. Manambalawa awerengedwe mosamala poti miyezo ya mayesowa inakhazikitsidwa pa anthu a maiko ena. Ife tadalira kwambiri mmene zolakwazo zikuchitikira ndi umboni wa akazi awo.

Malangizo

Tikupempha kuti aonedwe ndi dokotala wa matenda a maganizo pa za kukhumudwa ndi kupsa mtima. Abwerere kuntchito pang'onopang'ono, kuyamba ndi maphunziro awiri a m'mawa patsiku ali ndi mphunzitsi wina wowathandiza. Azilemba zochita m'kabuku kamodzi ndi kutchera alamu pafoni, ndipo akuwauza zinthu aziwauza chimodzichimodzi. Asayendetse galimoto kapena njinga yamoto, komanso apitirize kupewa mowa. Tidzawayezanso pakatha miyezi isanu ndi umodzi, koma akakomoka, akayamba kugwa kapena mutu ukakula kupweteka, abwere kwa inu msanga.

Wolemba: katswiri woyeza kagwiridwe ntchito ka ubongo