Manambala Awiri Osinthana Malo

Linali Lachisanu lomaliza la mwezi wa Okutobala, ndipo pa ofesi ya kampani ina yogulitsa zipangizo za ulimi m'tauni ya Ulongwe, m'boma la Angonia, aliyense ankalankhula za feteleza. Alimi ochokera ku Domwe ndi ku Tsangano ankafika pachipata m'mawa uliwonse kudzafunsa ngati katundu wabwera, chifukwa mvula yoyamba inali pafupi, koma wogulitsa wa ku Beira anali atanenetsa kuti malole sanyamuka ndalama zisanalowe.

Naphiri anali atagwira ntchito miyezi inayi yokha m'chipinda cha akawunti. Tebulo lake linali pafupi ndi chitseko, ndipo ntchito yake inali kuboola mapepala, kuwalemba m'buku, ndi kuwaika m'fayilo akuluakulu akatha kusaina. Palibe amene ankayembekezera kuti iye aziwerenga zimene zalembedwamo.

Itakwana 2 koloko, Bambo Jere, mkulu wa akawunti, anamuikira mapepala atatu omangidwa ndi pini imodzi: fatura ya wogulitsa, pepala la oda, ndi kalata yolamula banki kuti ilipire. Kalatayo inali itasainidwa kale ndi iwo pamodzi ndi a shefe, chidindo cha buluu chikadali chonyowa. Dalaivala anali ataima pakhomo akusewera ndi makiyi, popeza banki imatseka 3 koloko.

Naphiri analemba ndalama ya pa kalata m'buku, mametikali 4,720,000, kenako anawonkhetsa tsambalo monga mwa chizolowezi chake. Chiwonkhetso chinaposa cha m'buku la ngongole ndi 450,000. Anabwerezanso pa kakyuleta yake yosweka pakona, koma kusiyana kunali komweko. Apa anakumbukira mphunzitsi wake wa ku Tete, amene ankakonda kugogoda bolodi ndi choko pouza ophunzira kuti kusiyana kukagawika ndi 9 popanda chotsala, ayambe afufuza manambala awiri oyandikana amene asinthana malo. Anagawa, napeza 50,000, kusonyeza kuti manambala ofunikawo ayenera kusiyana ndi 5. Maso ake anagwera pa 7 ndi 2.

Anatsegula fatura: matumba 1,400 a makilogalamu 50, lililonse pa mametikali 3,050. Anachulukitsa pang'onopang'ono, chala chili pamzere, napeza 4,270,000, ndendende monga zinalembedwa pansi pa faturayo.

Masamuwo anali osavuta. Chovuta chinali pakamwa. Kalatayo anaitayipa ndi Bambo Jere eni ake, munthu wa zaka za bambo ake omubala, amenenso anamulankhulira kuti alembedwe ntchito. Akanena mokweza pamaso pa dalaivala, ndiye kuti wawachititsa manyazi. Akakhala chete, mametikali 450,000 apita ku Beira, ndipo aliyense amene anayesapo kubweza ndalama yolipira mopitirira amadziwa kuti pamadutsa makalata ambiri ndi masabata angapo.

Anatola mapepala aja ndi manja awiri, napita pambali pa tebulo lawo, nawerama pang'ono.

“Pepani bambo, ndakusokonezani. Masamu anga akukana kugwirizana ndi fatura iyi, ndiye ndimati mundiunikire pamene ndalakwitsa kalata isanapite.”

“Mwanawe, nthawi yatha. Tiziona Lolemba.”

“Ndi mzere umodzi wokha, bambo,” anatero motsitsa mawu, akuika fatura ndi kalata moyandikana kuti ndalama ziwirizo zikhale imodzi pamwamba pa inzake.

Bambo Jere anatsitsa magalasi awo. Anawerenga nambala yoyamba chapansipansi m'Chipwitikizi, monga amachitira anthu ambiri a kuno akafika pa ndalama zikuluzikulu, kenako yachiwiri. Anasiya kulankhula. Chimene chinkamveka chinali fani ya padenga yokha. Kenaka anatenga cholembera chofiira, najambula mizere iwiri kudutsa kalata yonse, nalemba `ANULADO` ndi tsiku lake.

“Achimwene, takhalani pansi kaye,” anauza dalaivala uja.

Kalata yatsopano inatuluka m'makina patapita mphindi khumi, ndipo ulendo uno ndalamayo inalembedwa m'manambala komanso m'mawu. A shefe, posainanso, anafunsa chimene chachitika. Naphiri anayang'ana pansi. Bambo Jere anayankha kuti dzanja lawo linatembenuza manambala awiri, ndipo amene waona ndi mtsikana wa pachitseko. A shefe anamuyang'ana kanthawi ngati akumuona koyamba, nafunsa dzina lake.

Galimoto inanyamuka kutatsala mphindi 20 kuti banki itseke. Naphiri anaboola kalata yofufutidwa ija naiika m'fayilo kuseri kwa yatsopano. Pamene ankatseka fayiloyo, Bambo Jere anamuikira mulu wina wa makalata a malipiro a Lolemba, onse osasaina.

“Awa muyambe mwawaona inuyo,” anatero, nabwerera pampando wawo.