Kufunsa za CV yanga yomwe ndinasiya mu ofesi yanu mu Malichi

Ulongwe, Angoniya
14 Okutobala 2025

Kwa Mayi oyang'anira zopezera anthu ntchito zaumakaniko,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse a mu ofesi. Kuno kumapiri tili bwino, tikungodikira mvula.

Ndine Alberto Phiri, makaniko wa makina akuluakulu a dizilo. Mwina dzinali mwaliiwala poti anthu amene amadutsa patebulo panu ndi ambiri, ndiye ndikukumbutseni. Ndinabwera ku ofesi yanu mu mzinda wa Tete Lachiwiri pa 11 Malichi chaka chino. Tinayamba kulankhula m'Chipwitikizi, koma mutaona pa chiphaso changa cha BI kuti ndine wa ku Angoniya munaseka n'kunena kuti nanunso kwanu ndi ku Furankungu, ndipo zotsalazo tinamalizira m'chinenero chathu. N'chifukwa chake ndalimba mtima kukulemberani m'Chichewa. Ngati pafunika kalata ya m'Chipwitikizi yoti ilowe mu faelo, mundiuze, ndilemba tsiku lomwelo.

Tsiku limenelo ndinasiya CV, fotokope ya BI, nambala ya msonkho ya NUIT, nambala ya penshoni ya INSS, laisensi yoyendetsera galimoto zolemera, setifiketi ya umakaniko ndi makalata awiri ondichitira umboni. Munandifunsa mafunso pafupifupi mphindi 40, ndipo munati pali makampani awiri ogwira ntchito m'migodi ya ku Moatize amene akhala akufuna amakaniko mwezi wa Epulo usanathe. Epulo anadutsa. Ndinaimba foni mu Meyi, wondiyankha anati mwatuluka. Ndinaimbanso kumapeto kwa Juni, anati faelo yanga ilipo, ndidikire. Mu Ogasiti ndinatumiza uthenga pa WhatsApp, unaonetsa kuti wawerengedwa, koma yankho silinabwere. Lero yakwana miyezi isanu ndi iwiri, ndipo sindinaitanidwepo kukaonana ndi bwana aliyense kudzera mwa inu.

Sindikulemba modandaula ayi. Ndikudziwa kuti ntchito simuipanga ndinu, mumadikira eni makampani, ndipo ine amene ndakhala mu mgodi ndikudziwa momwe zinthu zimaimira malasha akatsika mtengo. Ndinali komweko mu 2022 pamene mgodi unachoka m'manja mwa Vale n'kupita kwa Vulcan, ndinaona makontirakiti ena akutha, ena akuyamba, anthu akudikira miyezi osadziwa mawa lawo. Kudikira ndikukudziwa. Chimene chikundivuta n'kudikira mumdima, osadziwa ngati pepala langa likuyenda kapena linagona pansi pa mulu.

Choncho ndikupempha mundiyankhe mosabisa. Kodi CV yanga munaitumizako kwina kulikonse chiyambire Malichi? Ngati munatumiza, ndi kuti, nanga anati chiyani? Funsoli ndi lalikulu kwa ine pa chifukwa ichi: mwezi wathawu mnzanga amene tinkagwira limodzi anandiuza kuti kampani ina yokonza makina ku Moatize ikulandira makalata. Ndinagwira dzanja, sindinalembe, poopa kuti mwina inu munanditumiza kale kumeneko, ndiye dzina langa lifike kawiri kudzera njira ziwiri, aone ngati ndine munthu wosadziwa chimene akuchita. Mwayi umenewo unapita. Sindikufuna wina upite chimodzimodzi. Ngati simunanditumize kulikonse, ingonenani, sindikwiya, ndidziwe kuti ndili womasuka kugogoda ndekha.

Ndipo ngati pali chimene chikulepheretsa, ndiuzeni chimenecho. Mwina ndi zaka zanga, poti ndili ndi 41. Mwina malipiro amene ndinatchula tsiku lija, mametikali 45,000 pamwezi, anakwera kwambiri poyerekeza ndi zomwe mabwana akupereka pano. Ndalamayo ndinaitchula potengera zomwe ndinkalandira kontirakiti yanga isanathe mu Disembala 2024, si mwala, tikhoza kukambirana. Mwinanso CV yo ndinailemba moipa. Ine ndimadziwa sipanala, zolembalemba si mbali yanga, ndipo mukandiuza pokonza ndikonza.

Pali zina zomwe zasintha chichokereni mu ofesi yanu, ndipo ndaziika mu CV yatsopano imene ndamata ku kalatayi. Chonde muchotse yakale ija. Yakaleyo inangoti ndinagwira zaka zisanu ndi chimodzi pa kampani yokonza makina a mu mgodi, osafotokoza kuti ndinkagwira chiyani. Tsopano ndalemba bwinobwino: kuphwasula ndi kumanganso mainjini a zimagalimoto zonyamula malasha, kukonza mapampu ndi mapaipi a haidiroliki a makina okumba, kufufuza vuto ndi kompyuta, komanso kuti zaka ziwiri zomaliza ndinkatsogolera anyamata asanu pa shifiti ya usiku popanda ngozi yovulaza munthu. Izi makalata aumboni aja akuzinena, kungoti ine sindinaziike poyera.

Miyezi yonseyi sindinakhale manja lende. Kuno ku Angoniya alimi a mbatatesi ndi fodya ali ndi mathirakitala, zigayo ndi mapampu othirira m'madimba, ndipo zikafa amasowa wozigwira. Kuyambira Meyi ndakhala ndikukonza zimenezi pa galaji ya malume anga pafupi ndi msika wa Ulongwe. N'zazing'ono poyerekeza ndi za ku mgodi, koma zandiphunzitsa kukonza chinthu popanda sitolo ya zipangizo kumbuyo kwanga, pamene sipeya yake ili kutali ndipo mwini wake waima pompo akudikira kugaya chimanga. Kalata yosonyeza kuti ndilibe mlandu, imene ndinali nayo ija, inatha mphamvu, ndatenga ina sabata yatha. Ya kuchipatala nayonso ndi yatsopano.

Chinanso, mu Malichi ndinati ndikufuna ntchito ya ku Moatize kapena mu Tete momwemo basi. Mawu amenewo ndawabweza. Ku Songo ndikhoza kupita, pa njanji yopita ku Nacala ndikhoza kugwira, ngakhale kontirakiti ya miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi ndilandira. Ndimalankhula Chipwitikizi ndi Chinyungwe, ndipo Chingerezi cha m'mabuku a makina ndimachiwerenga. Musaope kuti ndikukhala kutali. Ulendo wa pano ndi Tete ndi woposa makilomita 200, koma mukandiimbira madzulo ndikwera shapa ya m'mbandakucha, masana ndafika, ndipo mng'ono wanga amakhala ku Matundo, pogona sindisowa.

Ndikupempha yankho lisanadutse Lachisanu pa 31 Okutobala. Sindikukuikirani malire mwachipongwe, Mayi. Malume andipempha kuti nditenge galaji ija ndiziyendetsa ndine nyengo yonse ya dzinja, ndipo akufuna mawu anga mvula isanagwe mu Novembala. Ndikavomera, ndiye kuti ndamangika mpaka nthawi yokolola, sindingawasiye pakati. Ndisanawayankhe ndikufuna ndidziwe ngati kwa inu kuli kanthu kamene kakubwera, kapena ndisayembekezere chaka chino.

Lachiwiri pa 28 Okutobala ndidzakhala mu Tete kudzagula zipangizo za thirakitala ya kasitomala. Ngati mungandipatseko mphindi 15 tsiku limenelo, m'mawa dzuwa la kumeneko lisanayambe kuwotcha, ndidzabwera ndi mapepala onse enieni. Ngati simudzakhalapo, mundiuze dzina la woti ndikamuone. Ndipo ngati faelo yanga inaperekedwa kwa wina mu ofesimo, chonde mumupatsire kalatayi.

Nambala yanga ya foni sinasinthe, ndi yomwe ili pamwamba pa CV. Masana ndimakhala pansi pa galimoto manja ali ndi girizi, ndiye ndikapanda kuyankha musiye uthenga, ndiimbanso ndisanagone.

Zikomo kwambiri chifukwa cha nthawi yanu.

Ine wanu,
Alberto Phiri