Mtedza ndi ana: kuwapatsa msanga kapena kudikira?

Awa ndi mafunso amene azimayi amandifunsa kwambiri kusikelo, makamaka amene abale awo aku UK awaopseza pafoni kuti mwana asalawe mtedza.

Kodi mwana akayamba msanga phala la nsinjiro ndiye kuti mtedza uzimuwenga?

Ayi amayi. Madokotala nawo ankaganiza choncho, mu 2000 ku America anauza makolo kuti mwana amene kwawo kuli ziwengo asadye mtedza mpaka atakwana zaka 3, koma ana owengedwa sanachepe ayi, ndiye mu 2008 malangizowo anawachotsa.

Nde kumumana ndi kumene kumayambitsa?

Kumumana kumaonjezera chiopsezo, makamaka kwa mwana wa chikanga. Gulu la Pulofesa Gideon Lack ku London linapeza kuti ana achiyuda aku UK amawengedwa ndi mtedza pafupifupi ka 10 kuposa anzawo aku Israel, komwe makanda amadya tizakudya ta mtedza totchedwa Bamba. Kenako anachita kafukufuku wa LEAP, anatuluka mu 2015, anatenga makanda 640 a miyezi 4 mpaka 11 omwe anali ndi chikanga chachikulu kapena mazira ankawawenga, ena azidya mtedza ena ayi. Pofika zaka 5, mwa ana 100 alionse omanidwa 17 anali akuwengedwa, pomwe mwa odya aja anali 3 okha basi. Akatswiri ambiri amati thupi likayamba kukumana ndi mtedza kudzera pakhungu losweka limautenga ngati mdani, koma likakumana nawo m'mimba limauzolowera.

Ndiyambe liti?

Akakwana miyezi 6, nthawi yomwe mukuyamba phala ija, uku mukupitiriza kuyamwitsa. Tsirani kansinjiro kosefa bwino kapena chiponde chosungunula, kaye pang'ono kunsonga kwa supuni, masana, mumuone kwa maola angapo. Zikayenda musasiye, azidya katatu pa sabata. Chonde mtedza wathunthu ayi mpaka zaka 5, umatsamwa, ndipo wachuku ndi wofwifwa uja muzitaya posankha, umaononga chiwindi.

Wanga ali ndi chikanga thupi lonse, ndingoyesa?

Ayi, inu muyambe mwaonana ndi adokotala, chimodzimodzi ngati mazira amamuwenga. Koma osazengereza, chifukwa ana amenewa ndi amene kuyamba msanga kumawathandiza kwambiri.

Nanga ine ndisiye mtedza ndili woyembekezera kapena ndikuyamwitsa?

Palibe chifukwa, idyani ndiwo zotendera zanu, pokhapokha ngati inuyo umakuwengani.

Ndidziwa bwanji kuti wamuwenga?

Zimaoneka msanga, nthawi zambiri ola lisanathe, timabulumabulu toyabwa pakhungu, kutupa milomo kapena zikope, kusanza. Mukaona izi musamupatsenso mpaka aonedwe kuchipatala, ndipo musamayese kumuzoloweza nokha kunyumba, zija za kuyamba msanga ndi zopewera, si mankhwala a mwana amene wayamba kale kuwengedwa. Akayamba kubanika, mawu kusasa kapena kulefuka, thamangani naye kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale pakati pa usiku.