Kalata kwa adokotala yofotokoza zidzolo za pa zithunzi

17 Meyi

Adokotala,

Ndikulemba za mwana wanga wamwamuna wa zaka 7, yemwe munamuona mu Januwale atadwala chifuwa. Watuluka zidzolo, ndipo ndatumiza zithunzi zitatu pamodzi ndi kalatayi. Zithunzizo sizikuonetsa zonse, choncho ndifotokoze zomwe ndaona ndi maso komanso pokhudza ndi chala.

Zinayamba pa 3 Meyi ngati kachiphuphu kamodzi pamkono wakumanzere, mbali ya mkati, m'munsi pang'ono mwa chigongono. Ine ndinkangoti walumidwa ndi udzudzu. Chithunzi choyamba ndi cha pa 6 Meyi, banga lili ngati sentimita imodzi. Chachiwiri ndajambula lero m'mawa, nditaika rula pambali kuti muone nokha: lafika masentimita atatu. Ndi lozungulira ngati mphete. M'mphepete mwake ndi motukuka, mokhakhala ukamasisita, ndipo mukufunduka timamba toyera. Pakati m'posalala, pakuoneka ngati pakupola, pamene kunjaku likumka likulirakulira. Palibe matuza, mafinya kapena madzi otuluka. Chithunzi chachitatu ndi cha m'khosi kumanja, pomwe patuluka timawanga tina tiwiri masiku anayi apitawa.

Pa nkhani ya mtundu, chonde musadalire chithunzi. Ndinajambulira pawindo masana, osayatsa getsi la foni, komabe foniyo yafiiritsa bangalo. Kuliona pamaso ndi loderapo kuposa khungu lake, ndipo m'mphepetemo ndi motuwa. Timizere tomwe mukuona pambali ndi ta zikhadabo zake.

Limamuyabwa kwambiri akatuluka thukuta komanso usiku, mpaka amadzikanda ali m'tulo, koma akuti silipweteka. Thupi silinatenthepo, ndakhala ndikumuyeza madzulo alionse. Akudya ndi kusewera bwinobwino. Ndayang'ana m'mutu, m'khwapa, kumsana ndi pakati pa zala, sindinapeze kanthu.

Pali chimodzi chomwe chikundidetsa nkhawa. Kuyambira pa 8 mpaka pa 14 Meyi ndinkamupaka kirimu wa haidirokotizoni wa 1%, kawiri pa tsiku. Kuyabwa kunachepa, timamba tinachepanso, koma banga linakula, n'chifukwa chake ndinasiya. Mwina mankhwalawo asintha maonekedwe ake. Lero ndajambula ndisanamudzoze chilichonse. Sakumwa mankhwala ena alionse, sopo sitinasinthe, ndipo penisilini amamuwenga.

Mu Epulo tinayamba kuweta kamphaka, ndipo iye ndiye amakonda kukanyamula. Dzulo ndaona kuti kathothoka ubweya kuseri kwa khutu. Mlongo wake wa zaka 4 alibe banga lililonse, koma ankapukutira thaulo limodzi mpaka sabata yatha.

Kodi chingakhale chipere? Ngati m'pofunika kupala khungu pang'ono kuti mukapime, ndiuzeni tsiku loti ndibwere naye. Mundiuzenso ngati angapitirize kupita kusukulu. Pakadali pano sindimupaka kanthu mpaka nditamva kwa inu.

Zikomo kwambiri,

Ine mayi ake a mwanayu