Tayala Losakwera Mtengo

Magetsi anali atazima kuyambira m'mawa, choncho a Nasibeko anakokera tebulo pafupi ndi zenera n'kuyamba kusanja mavocha ndi manja. Unali mwezi wa Disembala, 2023, ndipo bwana ankafuna kuti mabuku a holoselo atsekedwe Khirisimasi isanafike. Panja, mu Limbe, oitanira maminibasi anali kukuwa za ku Bangwe ndi ku Thyolo.

Mabuku a mwezi wapitawo anali opweteka mutu. Kwacha inali itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala, ndipo chilichonse chinadumpha: shuga, mafuta ophikira, sopo, dizilo wa malole atatu a kampani. Ngakhale mayi wa mandasi wa pageti anali atakweza. A Nasibeko ankayerekeza invoisi iliyonse ndi ya mwezi wa Okutobala, n'kulemba kusiyana kwake ndi pensulo m'mbali.

Atafika pa kapepala kabuluu ka "kumata matayala", pensulo inaima. K48,500. Anatembenuza ka Okutobala. K48,500. Panalibe cholemba m'mbali.

Poyamba anamwetulira, poganiza kuti m'dziko muno mwatsalabe munthu mmodzi wachifundo. Kenaka anadzifunsa kuti womata matayala ameneyu guluu amagula kuti, poti ngakhale zigamba zimachokera kunja. Anadzuka, natsitsa mafayilo akale pamwamba pa kabati, fumbi lili koboo.

Lolemba lililonse kapepala kabuluu kanalipo. Tayala limodzi kapena anayi, mtengo womwewo. Ndipo ndalamayo inali yochenjera: lamulo la pakampanipo linali lakuti chilichonse chosafika K50,000 chizilipidwa kuchokera m'kabokosi ka ndalama zapamanja, osadikira kuti bwana asayinire. Chinkafunika ndi chidindo cha wosunga mabuku basi. Chidindo chawo.

Anayala timapepalato pansi ngati akuyanika ufa. Manambala ake anali ondondozana, 0131, 0132, 0133, osadumpha ngakhale imodzi. Womata matayala wanji amene sabata yathunthu salembera lisiti munthu wina aliyense? Kenaka anapeza ka pa 13 Malichi. Tsiku limenelo sakanaliiwala. Namondwe wa Freddy anali atagwetsa matope ndi miyala ku Chilobwe, mitembo ikupita ku Gulupu, holoselo yotseka, malole onse ali m'mpanda. Koma kapepalako kankati tsiku lomwelo matayala awiri anamatidwa.

Anawerenga timapepala 74, kuyambira mu Julayi 2022. Pa kakyuleta panatuluka K3,589,000.

M'munsi mwa invoisi munali nambala ya foni. Sanaiimbe. Anatenga foni yawo, n'kuchita ngati akutumiza K500 pa Airtel Money, kuti aone dzina limene lituluke asanatsimikize. Litatuluka, anaika foniyo chafufumimba patebulo. Linali dzina la mayi amene amakhala naye benchi limodzi ku Mvano Lachinayi lililonse, mkazi wa a Mbewe, mkulu woyang'anira malole.

A Mbewe ndi amene anawauza za ntchitoyi zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Mayi awo a Nasibeko atamwalira, a Mbewe yemweyo anapempha lole kwa bwana, nayendetsa yekha usiku mpaka kumudzi ku Chiradzulu, osalandira ngakhale ya dizilo.

Loweruka ndi Lamulungu nsima sinatsike bwino. Amuna awo atafunsa, anangoti ndi mutu. Kutchalitchi anaona a Mbewe akuyendetsa mbale ya chopereka, atavala jekete yawo yakuda ija, ndipo anaweramitsa nkhope. Mumtima ankati mwina angowauza mwakachetechete kuti asiye, timapepala tibwerere pamwamba pa kabati, fumbi litikwirire. Koma nthawi iliyonse akaganiza choncho, ankaona Yohane.

Yohane anali dalaivala wa lole ya ku Mulanje. Mu Ogasiti bwana anakalipa kuti ndalama za matayala zachuluka, ndipo a Mbewe anati vuto ndi mnyamata ameneyu, amathamanga m'maenje. Anamudula malipiro miyezi iwiri, kenaka anamuchotsa. Kalata yake anaitayipa ndi a Nasibeko. Tsopano ankamuona pa siteji ya ku Kachere akupalasa kabaza, ndipo ankawapatsabe moni mwaulemu, "Mwaswera bwanji, mayi?"

Lolemba m'ma 9 koloko a Mbewe analowa akupukuta thukuta ndi kampango.

"Mwadzuka bwanji, achemwali? Tandidindirani kakang'ono aka, anyamata akudikira."

"Tadzuka, kaya inu, achimwene. Takhalani pansi kaye."

Anakhala. A Nasibeko anatsegula fayilo, natulutsa kapepala ka pa 13 Malichi, n'kukaika pambali pa katsopanoko. Sananene kanthu. A Mbewe anayang'ana deti, nayang'ananso, kenaka anatembenukira kuchitseko ngati akufuna kuona ngati chatsekedwa.

"Mwauzako ndani?"

"Palibe."

"Ndiye tikambirane ngati anthu. Inu mukudziwa malipiro athu. Mtsikana wanga ali ku koleji, fizi ikukwera temu iliyonse. Ndinkati ndingobwereka pang'ono, zikayenda ndibweza. Bwanayu ndalama imeneyi ndi ya chakudya cha agalu ake."

"Nanga Yohane?"

A Mbewe anakhala chete. Kunja lole inalira, wina akuitana kuti abweretse makatoni a sopo.

"Za Yohane zinandipweteka inenso," anatero motsitsa mawu. "Koma achemwali, musaiwale kuti pa kapepala kalikonse pali chidindo chanu. Mukakanena, adzati tinkadyera limodzi. Walira mvula walira matope. Ndipo ine ndi inu tachokera kutali. Ku Chiradzulu kuja..."

"Sindinaiwale. Mpaka kufa sindidzaiwala."

Mawu awo ananjenjemera, ndipo anadikira kuti akhazikike.

"Chidindocho ndi changadi. Ndinkadinda osayang'ana chifukwa wabweretsa ndi inu. Zimenezo ndikanena ndekha, ndipo akafuna kundichotsa andichotse. Bwana afika 10 koloko. Ndikupemphani chinthu chimodzi: tilowe tonse, muyambe ndinu kulankhula. Munthu wodziulula yekha amamumvera mosiyana ndi wogwidwa."

"Mukufuna ana anga agone ndi njala?"

"A Yohane agona nayo kuyambira Ogasiti."

A Mbewe anaimirira, natenga kapepala katsopano kaja, n'kukapinda kawiri, kukaika m'thumba la malaya. Anatuluka osatseka chitseko. Pazenera a Nasibeko anawaona atayima pafupi ndi lole ya ku Mulanje, dzanja lili pa tayala lakutsogolo, osalankhula ndi aliyense.

Anatenga pepala loyera n'kulemba madeti onse 74 m'mizere, ndalama pambali pake, chiwerengero chonse pansi. Kumapeto anawonjezera mzere wina: malipiro a Yohane amene anadulidwa, miyezi iwiri, ndi nambala ya kalata yomuchotsa ntchito. Anasayinira dzina lawo lonse.

Itangokwana 10 koloko, galimoto ya bwana inalowa pageti. A Nasibeko anakonza duku, nanyamula fayilo pachifuwa, ndi chidindo chomwe. M'kakhonde kopita ku ofesi ya bwana anamva mapazi kumbuyo kwawo, olemera, oyenda pang'onopang'ono. Sanacheuke. Anagogoda.

"Odi, bwana."

"Lowani, mayi. Mabuku atha?"

"Atha, bwana. Koma tilipo awiri."